Akubera anthu m'dzina la shopu yanga: ndiwachenjeze bwanji makasitomala osawathamangitsa?

"Ndimagulitsa zitenje ndi nsalu za yunifomu ya ukwati, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Sabata yatha mayi wina wa ku Kasungu anandiimbira akulira kuti anatumiza K85,000 koma sanalandire kanthu. Titafufuza tinapeza tsamba lina lokhala ndi dzina la shopu yanga ndi zithunzi zanga zomwe. Ndikufuna kuchenjeza anthu, koma ndikuopa kuti akawerenga athawa onse. Ndilembe bwanji?" Mayi wochita malonda, Lilongwe.

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani, ndipo mtima ukhale m'malo, chifukwa nkhaniyi ili ndi pogwira. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kuyendetsa masamba awo, ndaona kuti kasitomala sathawa chifukwa choti mwini shopu wamuchenjeza. Amathawa akamva nkhaniyo kwa mnzake mu minibasi kapena pa gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi, mwini wake ali duu. Choncho kulemba mulembe ndithu, ndipo musachedwe. Chofunika kusamala nacho ndi chimene uthengawo unyamule, pakuti uthenga wochenjeza ukalembedwa mtima uli m'mwamba umatha kuwononga dzina la bizinesi kuposa mmene wakubayo akanaliwonongera.

Musanalembe liwu lililonse, tsimikizani kaye chimene chachitika, chifukwa pali mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti munthu walowa mu akaunti yanu yeniyeni ndipo akulankhula ndi makasitomala kudzera momwemo. Lachiwiri ndi lakuti wangotsegula tsamba lake, n'kutenga dzina lanu ndi zithunzi zanu. Mmene mwafotokozera, lanu likuoneka kuti ndi lachiwirili, komabe onani ngati mukutha kulowa pa tsamba lanu monga mwa masiku onse, ngati mulibe mauthenga amene simunatumize inu, komanso ngati pa mndandanda wa oyendetsa tsambalo palibe dzina lachilendo. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye kuti tsamba lanu silinabedwe, ndipo musalembe kuti "atibera akaunti" kapena "atihaka" monga ambiri amachitira. Mawu amenewo amauza kasitomala kuti ngakhale tsamba lenileni nalonso si lodalirika, ndiye mwamutsekera khomo lokhalo limene akanakupezerani mosaopa.

Kuti mudziwe zoyenera kulemba, ndi bwino kumvetsa mmene akathyali amenewa amagwirira ntchito. Kawirikawiri sasaka anthu patali ayi, amawatola pa tsamba lanu lomwelo. Inu mukaika chithunzi cha chitenje chatsopano, anthu amalemba pansi pake kuti "mtengo wake?" kapena "ku Kasungu mumatumiza?", ndipo pamene inu muli otanganidwa ndi kasitomala m'shopu, wakubayo amalembera munthu uja uthenga wapadera pogwiritsa ntchito dzina la shopu yanu. Munthuyo amaona dzina ndi chithunzi chimene akuchidziwa, ndipo popeza wangofunsa kumene, sakayika kuti ndinu amene mwamuyankha. Kenako amamuuza mtengo wotsikirako pang'ono, amamufulumizitsa kuti katundu watsala wochepa kapena kuti basi ikunyamuka posachedwa, ndipo pomaliza amamupatsa nambala ina n'kunena kuti ya shopu yadzaza kapena ili ndi vuto, atumize pa ya mnyamata wothandiza. Nthawi zambiri amakhala atakubulokani inuyo, n'chifukwa chake mukasaka tsambalo pa foni yanu simungalione, mpaka mutabwereka foni ya munthu wina.

Mukaona ndondomeko imeneyi, muzindikira kuti bodza lonse limatsamira pa mphindi imodzi, pamene kasitomala akutumiza ndalama ku nambala imene si yanu. Uthenga wanu wochenjeza uyenera kulunjika pa mphindi imeneyo. Tsamba labodza likhoza kusintha dzina mawa, likhoza kutsekedwa lina n'kutsegulidwa, koma ngati kasitomala akudziwa nambala imodzi yolipirira ndi dzina limodzi loyenera kuoneka pa foni yake asanaike PIN, masamba abodza ngakhale atakhala khumi sangamubere. Ichi ndi chifukwa chake ndimalangiza kuti gawo lalikulu la uthengawo lifotokoze za inu ndi njira yanu yolandirira ndalama, ndipo za wakubayo zingotenga chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Pali ntchito ina yofunika kuichita uthenga usanatuluke, yomwe ndi kusunga umboni. Wakubayo akangoona kuti mwamutulukira, akhoza kufufuta zolemba zake kapena kusintha dzina la tsamba. Pa foni yobwerekayo, koperani linki ya tsambalo ndi kuisunga, chifukwa dzina lokha silokwanira pokadandaula. Jambulani zithunzi za pa sikirini zoonetsa tsambalo, komanso gawo lotchedwa Page transparency, limene limaonetsa tsiku limene tsamba linatsegulidwa ndi maina amene linali nawo kale. Kwa mayi a ku Kasungu aja pemphani zithunzi za macheza onse, nambala imene anatumizako ndalama, dzina limene linatuluka, tsiku, nthawi ndi Transaction ID ya mu uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ntchito yonseyi sitenga ola limodzi, koma ndi imene apolisi ndi kampani ya foni adzaifune.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina wogulitsa ziwiya za kukhitchini amene ndinamuthandizapo pa vuto lofanana ndi lanuli. Iye anali atalemba kale uthenga wake usiku, onse mu zilembo zikuluzikulu, woyamba ndi mawu akuti chenjerani katatu. Anatukwana wakubayo, anamulonjeza kuti Mulungu amukantha, anaika linki ya tsamba labodzalo kuti anthu akalione, ndipo anamaliza ndi kunena kuti amene atumize ndalama mosafunsa ndi zake zimenezo, iye sizikumukhudza. Pofika m'mawa panali ndemanga zambiri, koma titaziwerenga limodzi tinapeza kuti ambiri amafunsa funso limodzi: "Ndiye tsamba lenileni ndi liti, ndipo tizilipira pati?" Uthenga wonse uja, ndi ukali wake wonse, sunayankhe funso limeneli. Choipa kwambiri n'chakuti anthu ena anatsata linki ija, ndipo wina analemba dandaulo lake pa tsamba labodzalo poganiza kuti akulankhula ndi mwini shopu.

Tinauchotsa uthengawo n'kulemba wina. Ndausintha pang'ono kuti ugwirizane ndi malonda anu, ndipo m'malo motchula dzina ndi nambala ndangosonyeza pamene muyenera kuziika:

"Chidziwitso kwa makasitomala athu onse. Tapeza kuti pali tsamba lina pa Facebook limene likugwiritsa ntchito dzina ndi zithunzi za shopu yathu popempha anthu ndalama. Tsamba limenelo si lathu, ndipo sitikugwirizana nalo mwa njira iliyonse. Tsamba lathu ndi lino lokha, ndipo likugwira ntchito bwinobwino. Timalandira ndalama pa nambala imodzi yokha, yomwe ndi iyi (apa lembani nambala yonse), ndipo musanaike PIN onetsetsani kuti dzina limene latuluka ndi ili (apa lembani dzina monga limaonekera pa foni). Sitidzakupemphani kutumiza ndalama pa nambala ya wantchito, ya wachibale kapena ya dalaivala, ndipo sitidzakufunsani PIN kapena nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni yanu. Ngati mukukayika, tiimbireni pa nambala yomweyi musanalipire, kapena bwerani ku shopu. Ngati munatumiza kale ndalama ku nambala ina, musachite manyazi, tiimbireni lero kuti tikuuzeni zoyenera kuchita. Shopu ndi yotsegula monga mwa nthawi zonse. Zikomo."

Pamwamba pake muikepo tsiku, kuti wowerenga pakatha miyezi itatu asaganize kuti ndi nkhani ya dzulo. Muona kuti chiganizo chilichonse mu uthengawu chili ndi ntchito yake. Choyamba chikunena zimene zachitika popanda kukokomeza, ndipo mulibe mawu monga "ambiri aberedwa", chifukwa inu mukudziwa za munthu mmodzi, ndipo kukuza chiwerengero kumangoonjezera mantha. Mawu akuti tsamba lathu likugwira ntchito bwinobwino ndi akuti shopu ndi yotsegula ndi amene akuyankha nkhawa yanu yoti anthu athawa, pakuti kasitomala akawerenga chenjezo amayamba wadzifunsa ngati bizinesiyo idakalipo. Ndalemba kuti muike nambala yonse osati manambala atatu omalizira okha, chifukwa sikovuta kupeza simukhadi yothera ndi manambala ofanana ndi anu. Mawu oti "sitidzakupemphani" ndi amphamvu kuposa oti "samalani", popeza kusamala munthu aliyense amaganiza kuti akusamala kale, pamene lonjezo lachindunji limamupatsa chizindikiro choti akachiona aime.

Lonjezo limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngati mwalemba kuti mumalandira pa nambala imodzi, ndiye kuti inunso muyenera kusiya chizolowezi chouza kasitomala kuti lero atumize pa nambala ya bambo a kunyumba chifukwa foni yanu yatha moto. Tsiku limene mudzachite zimenezo kamodzi kokha, mudzakhala mutaphunzitsa makasitomala kuti nambala yachilendo ikhoza kukhala yoona, ndipo wakubayo akufuna phunziro lomwelo. Ngati malonda anu amafunadi njira ziwiri, monga Airtel Money ndi Mpamba, kapena kuonjezera akaunti ya kubanki, zilembeni zonse mu uthengawo pamodzi ndi maina ake, ndipo musadzatulukenso kunja kwa zimenezo. Ndi bwinonso kufunsa ku kampani ya foni za nambala yolipirira ya bizinesi, kuti pa foni ya kasitomala pazituluka dzina la shopu m'malo mwa dzina la munthu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinaike nambala ndi dzina la wakubayo, pamene mtima ukufunitsitsa kuti dziko lonse limudziwe. Nambala mukhoza kuitchula ngati muli ndi umboni wooneka kuti ndi imene inalandira ndalama, ndipo mawu ake akhale akuti "nambala iyi si yathu, musatumizeko ndalama", basi. Koma dzina ndi chithunzi cha munthu ndikukulangizani kuti musaziike. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso, koma zimenezi sizitanthauza kuti dzina lotuluka pa foni ndi la wakubayo. Ikhoza kukhala simukhadi ya mu foni yobedwa, ikhoza kukhala yolembetsedwa ndi chiphaso cha gogo wina wa kumudzi amene sakudziwa chilichonse, kapenanso ya ejenti amene wakubayo anangomuuza kuti m'bale wake atumiza ndalama pamenepo. Mukalengeza munthu wotere kuti ndi mbava, mwaipitsa mbiri ya wosalakwa, mwamuika pa chiopsezo choti anthu aukali akhoza kumuvulaza, ndipo inuyo mukhoza kusumiridwa. Dzinalo kaperekeni kupolisi, kumene ali ndi mphamvu zofufuza mwini wake weniweni.

Za linki ndanena kale mmene inasokeretsera anthu. Ngati mukufuna kuti makasitomala aone kusiyana kwa masamba awiriwa, ikani chithunzi cha tsamba labodzalo mutalembapo mawu akuti LABODZA modutsa pakati ndi zilembo zazikulu, kuti chithunzicho chikayamba kuyenda chokha m'magulu a WhatsApp chisasanduke chotsatsa malonda a wakubayo. Mukhozanso kutchula kusiyana kumodzi kosavuta kuona, monga kuti labodzalo laonjezera liwu lina kumapeto kwa dzina, kapena kuti lanu linatsegulidwa chaka chakuti pamene linalo latsegulidwa mwezi watha. Linkiyo itumizeni mwapadera kwa abale ndi makasitomala amene mumawadziwa bwino, ndi kuwapempha kuti akanikize Report ndi kusankha chifukwa chonena kuti tsambalo likunamizira kukhala bizinesi ina. Auzeni kuti asalembe ndemanga zotukwana pamenepo, chifukwa wakubayo amangozifufuta ndi kuwabuloka. Inunso dandaulani ngati mwini bizinesi, koma dziwani kuti Facebook nthawi zina imachedwa kuchotsa tsamba, ndipo nthawi zina imayankha kuti sinapeze cholakwika, choncho musadikire kuti lichotsedwe musanachenjeze anthu.

Pali chinthu china chimene chinamudzidzimutsa mayi wa ziwiya uja, ndipo ndikufuna kuti inu chisakudzidzimutseni. Patangopita masiku ochepa, wakubayo anakopera uthenga wathu wochenjeza, anasintha nambala yokha, n'kuuika pa tsamba lake, kotero kuti masamba onse awiri amanena kuti linzake ndi labodza. Mawu olembedwa amakopereka mosavuta, choncho chenjezo lanu liyenera kutsamira pa zinthu zimene wakubayo alibe. Iye alibe shopu, alibe nkhope yanu imene makasitomala akale amaidziwa, ndipo sangayankhe foni ya vidiyo ataima pakati pa zitenje zanu. Jambulani kavidiyo kosapitirira mphindi imodzi mutaima m'shopu, munene mawu omwewo modekha, ndipo nambala muitchule pakamwa komanso ionekere pa chikwangwani kumbuyo kwanu, kuti ikhale yovuta kuisintha. Kwa kasitomala wakutali amene akugula koyamba, makamaka wa oda yaikulu ngati nsalu za ukwati wonse, muuzeni kuti ali ndi ufulu wokuimbirani pa vidiyo ndi kuona katundu wake asanalipire.

Uthengawo muukhomere pamwamba pa tsamba kuti ukhale woyamba kuoneka, muuike pa Status ya WhatsApp mobwerezabwereza popeza imazimiririka pakatha maola 24, ndipo muumate pakhoma la shopu. Koposa zonse, pansi pa chithunzi chilichonse cha katundu muzionjezera chiganizo chimodzi chonena nambala yolipirira ndi dzina lake, chifukwa munthu amene wakubayo akumusaka ndi amene wangoona chitenje chimodzi n'kufunsa mtengo, ndipo mwina chidziwitso chachikulu chija sanachione n'komwe. Kulemba mitengo poyera kumathandizanso, pakuti kumachepetsa mafunso aja amene wakubayo amatolapo anthu. Sikofunika kulemba chenjezo latsopano tsiku lililonse, chifukwa tsamba lodzaza ndi machenjezo limaoneka ngati nyumba ya maliro. Kukumbutsa kamodzi pa sabata m'mwezi woyamba n'kokwanira, ndipo masiku enawo pitirizani kuonetsa katundu ndi makasitomala amene alandira zinthu zawo, atavomera okha kuti muwaonetse.

Tsopano za mayi a ku Kasungu, amene ndikukhulupirira kuti ndi amene akukusowetsani tulo. Lankhulani nawo pa foni, osati pa ndemanga pamene aliyense akuwerenga. Mawu ngati akuti "mukanafunsa kaye" musawatchule, ngakhale ali oona, chifukwa iwo anatumiza ndalamazo pokhulupirira dzina lanu. Mukhoza kunena kuti, "Mayi, pepani kwambiri, ndalamazo sizinafike kwa ife, koma zatikhudza chifukwa mwaberedwa m'dzina lathu, ndipo tikufuna kukuthandizani kuzilondola." Alangizeni kuti apite ku shopu ya kampani ya foni kapena aimbe ku nambala yothandizira makasitomala ali ndi Transaction ID ija, kenako akapereke lipoti kupolisi. Muwauze zoona kuti mwayi wobweza ndalama umadalira ngati zidakali mu akaunti ya wolandirayo, ndipo akuba amazitapa mwachangu, kotero patatha sabata mwayiwo ndi wochepa. Musalonjeze poyera kuti mubweza ndalama kwa aliyense woberedwa, chifukwa kutero kumaoneka ngati mukuvomera mlandu, komanso kumaitana anthu ena obwera ndi mauthenga opeka. Ngati mtima wanu ukufuna kuwapepukitsira mayiwo, monga kuwatsitsira mtengo wa zitenje zimene amafunazo, chitani zimenezo mwakachetechete, mutawafotokozera kuti ndi chifundo chabe osati kubweza ngongole.

Inunso pitani kupolisi m'dzina la bizinesi yanu, musangodalira lipoti la kasitomala. Chinyengo chotere ndi mlandu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti. Lipoti lanu lidzakutetezani tsiku limene wina adzabwere ku shopu ndi wapolisi akunena kuti inu ndi amene munadya ndalama zake. Ngati kampani ya foni sikukuthandizani pa dandaulo la nambala imene ikupitiriza kubera anthu, mukhoza kukadandaula ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni. Loya mumufune ngati oberedwa achuluka ndipo ena ayamba kukuopsezani ndi milandu, kapena ngati wina akulemba poyera kuti inuyo ndi amene mukuba. Ndipo mukaona kuti simukuthanso kulowa pa tsamba lanu, kapena makasitomala akulandira mauthenga ochokera pa nambala yanu yeniyeni amene inu simunatumize, dziwani kuti vuto lasintha, ndipo uthenga uja sukugwiranso ntchito. Pamenepo muyenera kulengeza kudzera njira zina kuti anthu ayambe aima kulipira, ndi kupeza munthu wodziwa bwino za makompyuta amene mukumudziwa pamaso kuti akuthandizeni kubweza akauntiyo. Kuti zisafike pamenepo, tsegulani lero lomwe chitetezo cha PIN yoonjezera chotchedwa Two-step verification pa WhatsApp ndi chitetezo chofanana nacho pa Facebook, ndipo nambala ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa foni musaipereke kwa munthu aliyense.

Uthenga wanu ukangotuluka, yembekezerani kuti anthu achilendo akulemberani kuti akhoza kutseka tsamba labodzalo kapena kubweza K85,000 ija mukawapatsa kangachepe, ndipo ena adzanena kuti akuchokera ku Facebook n'kukutumizirani linki yoti mulowetsemo pasiwedi yanu. Amenewa musawayankhe ndipo linkiyo musaitsegule. Muwachenjezenso mayi a ku Kasungu za anthu omwewa, chifukwa munthu amene wangotaya ndalama ndi amene amamufikira msanga.